Nsima ndi Ndiwo Zikhale Maola Angati Zitaphulidwa? Nkhani Yokambidwa kwa Ophika pa Maliro ndi pa Maukwati ku Chigwa cha Shire

Munandituma kuti ndidzayankhe funso limodzi: kukamatentha chonchi, nsima ndi ndiwo zingakhale nthawi yaitali bwanji zitachoka pamoto, munthu n'kudyabe osadwala? Ndiyamba ndi yankho, zifukwa zibwera pambuyo, kuti amene achoke msanga kukaona mphika apite nalo.

Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse limati chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola 2. Akatswiri a boma la Amereka amawonjezera kuti kunja kukatentha kupyola madigiri 32, malirewo atsike afike pa ola limodzi. Kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mu Okutobala ndi Novembala, madigiri 32 timawadutsa dzuwa lisanafike pamutu, ndipo masiku ena timafika pa 40. Choncho lamulo lathu miyezi ino ndi ola limodzi. Ola limenelo likamatha, chakudya chikhale chitadyedwa, kapena chitabwerera pamoto, kapena chitalowa mufiriji.

Ndikuona ena akumwetulira. Mukuti, ife takula ndi mkute, bwanji tili moyo? Funsolo ndi labwino ndipo ndilibwerera. Koma tiyambe ndi zimene zimachitika mumphika.

Ambiri timakhulupirira kuti moto umapha zonse. Umapha zambiri, koma osati zonse. Pali tizilombo tina timene tikaona kuti zinthu zavuta timadzitsekera m'kachikopa kolimba n'kugona. Tikatero, ngakhale madzi owira satitha. Zili ngati njere za udzu pa nthawi ya lupsa: moto udutsa, tchire lonse lipserera, koma njere zili m'nthaka, ndipo mvula yoyamba ikagwa zimera mosangalala poti zopikisana nazo zapsa. Mumphika namonso, kuphika kumachotsa tizilombo tina tonse n'kusiya togonati, ndipo chakudya chikayamba kuzizira timadzuka tili tokha pa chakudya chofewa, chonyowa, chofunda.

Mitundu iwiri ya tizilombo totere ndiyo ikutikhudza. Woyamba amautcha Basilasi seriyasi. Umakhala m'dothi, ndipo umabwera ndi chimanga, mpunga ndi ufa; zakudya zokhutitsa ngati nsima, phala ndi mpunga ndiye kwawo. Wachiwiri ndi Kilositiridiyamu pefirinjenzi, umene umakonda nyama, nkhuku, nyemba ndi msuzi wokhuthala, makamaka pansi pa mphika waukulu pomwe mpweya sufika. Palinso wachitatu umene subwera ndi chakudya koma ndi ife ophika: Sitafilokokasi, wokhala m'mphuno, pakhungu ndi pa zilonda za m'manja. Uwu moto umaupha, koma timaubwezeramo tokha poomola nsima, pogawa nyama ndi manja, kapena ponyowetsa chipande m'madzi amene aliyense wapisamo dzanja.

Tizilombo tonseti timaswana chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi 60. Pamwamba pa 60 sitiswana. Pansi pa 5, momwe firiji yabwino imakhalira, timangokhala duu. Pakatipo, liwiro lake silofanana ponse. Chakudya chikakhala pa madigiri 15, kuswana kumayenda pang'onopang'ono. Chikakhala pakati pa 30 ndi 45, kumathamanga. Apa ndi pamene dera lathu limasiyana ndi Dedza mwezi wa Juni. Kumeneko mphika ukaphulidwa umazizira n'kutsika mpaka kufika pomwe tizilombo timachita ulesi. Kuno mphika sungazizire kuposa mpweya wouzungulira. Ngati m'khitchini muli madigiri 38, ndiwo zidzatsika kufika pa 38 n'kuima pomwepo tsiku lonse, ndipo kutentha kumeneko n'kumene tizilombo timakukonda kwambiri.

Mulibe choyezera kutentha, ndikudziwa. Dzanja lanu lingakuthandizeni pang'ono. Chakudya cha madigiri 60 chimafuka nthunzi ndipo simungasiyemo chala. Ngati mwatema mtanda pakati, n'kuumba mbamu bwinobwino osaotcheka, dziwani kuti nsimayo yatsika kale pansi pa 60, ndipo nthawi yayamba kuwerengedwa.

Tsopano tichite masamu pang'ono. Zinthu zikatiyendera bwino, tizilombo tambiri timagawika pawiri pa mphindi 20 zilizonse. Tiyerekeze kuti m'kachidutswa ka nsima kolemera galamu imodzi mwadzuka tizilombo 100. Pakatha ola limodzi tili 800. Pakatha maola 2 tili 6,400. Pa maola 3 tafika 51,200, ndipo pa maola 4 tapitirira 400,000. Chiwerengero chimene chimayamba kudwalitsa munthu, kwa mtundu wa mu nsimawu, chimakhala cha m'ma 100,000 pa galamu imodzi. Onani pamene mzerewo wadutsidwa: pakati pa ola lachitatu ndi lachinayi. Onaninso kuti ola loyamba linawonjezera tizilombo 700 tokha, pomwe ola lachinayi lokha lawonjezera oposa 350,000. N'chifukwa chake mawu akuti “tingodikirako pang'ono, abusa atsala pang'ono kumaliza” amakhala opanda vuto kumayambiriro, koma oopsa kumapeto.

Masamu amenewa ndi a tsiku limene zonse zatiyendera bwino tizilombo. Nthawi zambiri togonato timatenga kanthawi kuti tidzuke, ndipo si mphika uliwonse umayamba ndi 100. Choncho malire a ola limodzi kapena maola 2 ali ndi mpata wotetezera. Sakutanthauza kuti mphindi imodzi ikangopitirira nsima yasanduka poizoni. Ku Ositireliya ogulitsa zakudya amatsatira lamulo lokhala ndi magawo: chakudya chikakhala poyera osakwana maola 2, chikhoza kubwezeredwa mufiriji, chikakhala pakati pa maola 2 ndi 4, chidyedwe nthawi yomweyo, chisasungidwenso, chikapitirira maola 4, chitayidwe. Ine ndimalikonda lamuloli chifukwa limafanana ndi moyo weniweni wa ophika. Koma kuno, miyezi yotentha, maola 4 muwatenge ngati mpanda womaliza wa munthu wamkulu wathanzi, osati ngati nthawi yomwe mwapatsidwa kuti muimalize. Ndipo maolawo amaphatikizidwa. Ndiwo zimene zinakhala poyera maola 2 masana, n'kulowa mufiriji, n'kutulukanso maola 2 madzulo, zakwanitsa 4.

Tiyeni tipite pa maliro, poti ndi pamene ambiri a inu mumaphika chakudya chochuluka. Nkhani iyi ndi yongoyerekeza, koma palibe chachilendo mwa izo.

Amayi adzuka 4 koloko m'bandakucha, ateleka nyemba mumphika waukulu uja wobwereka ku tchalitchi. Pofika 8 koloko nyemba zapsa. Mafuwa akufunika pa nsima, ndiye mphika wa nyemba uphulidwa, uvundikiridwa bwino kuopa fumbi ndi ntchentche, uikidwa pansi pa mtengo wa mango. Mbuzi yaphedwa m'mawa, nyama yapsa cha m'ma 9 koloko, nayonso iphulidwa. Nsima iyamba kuomoledwa 10 koloko, mitanda isanjikizidwa m'mabeseni, n'kufunditsidwa nsalu. Malinga ndi dongosolo, anthu adya 12 koloko. Koma galimoto la achibale ochokera ku Blantyre lachedwa, zolankhula zachuluka, ulaliki watalika, ndipo anthu akubwera kuchokera kumanda 3 koloko masana. Adzukulu ndi amene anatsalira kumanda adya cha m'ma 4.

Tiwerenge. Mphika waukulu wodzaza nyemba suzizira msanga. Pamwamba ndi m'mbali pamazizira, koma pakati pamatsika pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Ena amaganiza kuti zimenezi ndi zabwino, poti ndiwo zikhala zofunda. M'maola oyamba, mkati mukadali pamwamba pa 60, n'zabwinodi. Vuto limayamba zikatsika kufika cha m'ma 50 kupita pansi, chifukwa kachilombo ka m'nyemba ndi m'nyama kaja kamaswana mwaliwiro kwambiri pakati pa madigiri 43 ndi 47, pomwe kamatha kugawika pawiri pa mphindi 10 zokha. Mphika waukulu wovundikira umachedwa pa kutentha kumeneko nthawi yaitali, ndipo mkati mwake mulibe mpweya, zomwe kachilomboka kamafuna. Tiyerekeze kuti nyemba zathu zinatsika pansi pa 60 cha m'ma 10 koloko. Pofika 3 koloko zakhala maola 5 pamalo oopsa. Mitanda ya m'mbali mwa beseni, imene inazizira msanga, yakhala pafupifupi maola 4.

Ophika alawa nyemba, apeza zili bwino, sizinasase, sizikuchita thovu. Apa ndiye pagona msampha. Tizilombo timene timasasitsa ndiwo, kuzinunkhitsa kapena kuchititsa nsima kunanda ndi tina. Timene timadwalitsa nthawi zambiri sitisintha fungo, kakomedwe kapena maonekedwe. Ndiwo zosasa muzitaye, inde. Koma ndiwo zosasasa si umboni woti zili bwino. Mphuno imakuuzani zoipa zokha.

Usiku womwewo, kapena m'bandakucha, anthu ambiri m'mudzi ayamba kupotokola m'mimba ndi kutsegula. Apa pamayamba nkhani ina yoopsa kuposa matendawo: akuti wina wathira mankhwala m'ndiwo, ndipo maso onse ali pa mayi amene anagawa. Ndikupemphani, a mfumu, nkhani yotere ikafika pabwalo panu, muyambe mwafunsa nthawi: chakudya chinaphulidwa liti, chinadyedwa liti, anthu anayamba kudwala liti. Nthawi yodwalira imaloza mwini mlandu. Kusanza kwamphamvu koyamba pakati pa theka la ola ndi maola 6 chidyereni kumaloza ku poizoni wopangidwa kale m'chakudya, kaya wa mu nsima ndi mpunga, kaya wa tizilombo ta m'manja. Kupotokola ndi kutsegula m'mimba kopanda kusanza kwenikweni, koyamba patapita maola 6 mpaka 24, kumaloza kawirikawiri ku mphika wa nyama kapena wa nyemba. Matenda awiriwa amakonda kutha okha pa tsiku limodzi.

Pa maliro ajawa akanachita chiyani? Sikunafunike firiji. Kunafunika mafuwa ena. Mphika wa nyemba ndi wa nyama ukapsa usatsike pansi. Ukhale pa makala kapena pa zikuni zochepa, uzingobwadamuka pang'onopang'ono, wina azitakasa nthawi ndi nthawi kuti ndi pakati pomwe patenthe, n'kumathira timadzi totentha kuti zisapserere. Ndiwo zokhala pamoto chotere zingadikire abusa mpaka amalize. Nsima nayo isaomoledwe potsatira dongosolo la papepala. Phala likhale likuwira, ufa uli pafupi, ndipo mnyamata mmodzi akhale wothamanga pakati pa bwalo ndi kukhitchini. Bokosi likanyamulidwa kupita kumanda, ndiye muyambe kuthira ufa ndi kuvundula. Ndikudziwa kuti pa anthu mazana simungaphike nsima yonse kamodzi. Phikani m'magulu, gulu lililonse lipite kwa anthu likadali lotentha, ndipo imene inayamba kuomoledwa iyambenso kugawidwa. Kusanjikiza nsima yatsopano pamwamba pa yakale m'beseni limodzi ndi chizolowezi choipa, chifukwa ya pansiyo imakhalitsa ndipo ndi imene imafikira ana kumapeto.

Wina afunsa: nanga titangotenthetsanso zonse tisanagawe? Kutenthetsa kumathandiza, koma osati pa zonse. Kachilombo ka m'nyemba ndi m'nyama kamadwalitsa kakalowa m'mimba kali kamoyo kochuluka, choncho mukabwezera ndiwo pamoto mpaka ziwire paliponse, mukutakasa, mumapha tambiri. Kufunditsa chabe, kuti mafuta asungunuke, n'kopanda ntchito. Mwina n'kuonjezera vuto. Koma poizoni wosanzitsa amene kachilombo ka mu nsima kamapanga safa ndi moto wa pakhomo. Amapirira madigiri 121 kwa mphindi 90, kutentha kumene mphika wa pamafuwa sungakufike. Poizoni wa tizilombo ta m'manja nayenso amapirira kuwira. Ndiye moto wachiwiri ukhale wofulumira, usanathe malire aja, kuti utsekereze poizoni asanapangidwe. Akapangidwa, moto ungopha tizilombo n'kusiya zimene tapanga zili momwemo.

Tafika pa mkute. Nsima yophikidwa 7 koloko madzulo n'kudyedwa 6 koloko m'mawa yakhala maola 11, ndipo usiku wa Novembala kuno suzizira. Mwa malamulo onse amene ndatchula, nsima imeneyo yapitirira malire kutali. N'chifukwa chiyani ambiri timadya osadwala? Chifukwa si ufa uliwonse uli ndi tizilombo tochuluka, si mtundu uliwonse wa kachilombo ka mu nsima kaja umapanga poizoni wosanzitsa, ndipo thupi la munthu wamkulu limapirira zambiri. Chinanso, timadwala ndithu koma sitiwerengera. Mwana akatsegula m'mimba timati ndi mano, wamkulu timati ndi mango osapsa, mkute wa m'mawa uja osaukumbukira.

Kuotcha mkute pa makala kumaukometsa, koma kumapsereza kunja mkati muli mofunda chabe, ndipo poizoni, ngati alimo, sakhudzidwa. Sindikunamizani kuti aliyense wodya mkute adwala. Ndikunena kuti ndi mwayi, ndipo mwayiwo umachepa kukamatentha. Nthawi zina mapeto ake amakhala aakulu. Mu 2008 ku Beljiyamu mnyamata wa zaka 20 anamwalira atadya supageti yomwe inakhala poyera m'khitchini masiku 5; anaitenthetsa asanadye, koma poizoni wa kachilombo komweka anali atadzaza kale. Zotere sizichitika kawirikawiri, koma zikuonetsa bwino kuti moto wachiwiri sufufuta masiku amene apita.

Maganizo anga pa mkute ndi awa. Ndikudziwa kuti m'miyezi ya njala kuuza munthu kuti ataye nsima kuli ngati kumunyoza, ndipo wamkulu wathanzi amene wasankha kudya mkute wake sindingamulondere. Koma pali anthu amene sayenera kupatsidwa: mwana wosakwana zaka 5, mayi woyembekezera, agogo okalamba, ndi aliyense amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi phala la mwana. Mayi aphika m'mawa, amwetsa theka, lotsalalo alisiya m'kapu kuti adzamwetse masana akabwera kumunda, supuni yomwe inalowa m'kamwa ili momwemo. Phala ndi lamadzi kuposa nsima, nthawi zambiri lili ndi nsinjiro, shuga kapena mkaka, ndipo wodya ndi amene kutsegula m'mimba kwa tsiku limodzi kungamuthere madzi m'thupi. Phala la mwana liphikidwe lochepa, lidyedwe lomwelo. Njira yeniyeni yopewera kutaya chakudya ili pa muyeso wa ufa, osati pa kusunga.

Ndiwo nazo sizifanana. Zowonongeka msanga ndi zamadzi ndi zonona: nyama ya msuzi, nkhuku, nsomba zaziwisi, nyemba, nandolo, khobwe, ndiponso masamba otendera, poti nsinjiro ndi chakudya chabwino kwa tizilombo monga chilili kwa ife. Usipa kapena matemba okazinga gwa, ouma, a mchere, amapirirako, chifukwa tizilombo timafuna madzi. Koma mukangowathira tomato ndi madzi n'kukhala msuzi, alowa m'gulu la zinazo. Tomato wa m'ndiwo sawawasa mokwanira kuti ateteze mphika.

Kunyumba, ambiri mumasungira bambo kapena ana a sukulu chakudya m'mabakuli osunga kutentha aja. Ndi abwino pa nthawi yochepa. Koma alibe moto, amangochedwetsa kuzizira. Nsima yoikidwamo 12 koloko n'kudyedwa 1 koloko ilibe vuto. Yoikidwamo 12 koloko kudikira munthu wobwera 6 koloko madzulo imathera maola ambiri ili yofunda, kutentha kuja kokondedwa ndi tizilombo. Ngati mutsegula n'kupeza yosafuka nthunzi, m'mbali muli thukuta, yakhalitsa. Wobwera madzulo muphikireni yake ya madzulo, ndiwo zake zikhale zitawiritsidwanso masana.

Amene muli ndi firiji, musadikire kuti mphika uzizire wokha mpaka madzulo. Gawani ndiwo m'mbale zosaya, kapena khazikani mphika m'beseni la madzi ozizira mukutakasa, ndipo nthunzi ikangoleka ikani mufiriji ola lisanathe. Magetsi akazima, firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola 4. Akapitirira pamenepo, zophikaphika za m'menemo ziyambe kuwerengedwa ngati zili poyera. Amene mulibe, ndiwo za masana zimene mukufuna kudyanso madzulo zisiyeni pa mbaula ya makala ochepa, kapena ziwiritseni ndithu ola lisanathe, muvundikire, musapisemonso chipande chimene chagwiridwagwiridwa, ndipo muziwiritsenso musanadye. Kugoneka ndiwo za nyama kapena nyemba usiku wonse m'miyezi yotentha popanda firiji sindikulimbikitsa, ngakhale zitawiritsidwa pogona, chifukwa togona tija timadzukanso mphika ukazizira.

Wina akadwala, chachikulu ndi madzi. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi abwino, amwe pang'onopang'ono ngakhale akusanza, ndipo mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Musathamangire makapisozi a pagolosale; poizoni samva mankhwala opha tizilombo. Koma mukaona magazi m'chimbudzi, kutentha thupi kwambiri, kusanza kosalekeza, maso olowa m'kati, kusakodza, mwana wofooka wokana kuyamwa, kapena chimbudzi chamadzi ngati otsukira mpunga, thamangani naye kuchipatala, chifukwa chomalizachi chikhoza kukhala kolera. Anthu ambiri akadwala atadya pamodzi, dziwitsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu tsiku lomwelo.

Pempho langa kwa makomiti onse amene muli pano ndi ili: pa mwambo wotsatira, musankhe mayi mmodzi wokhala ndi wotchi kapena foni, ntchito yake ikhale yolemba nthawi imene mphika uliwonse wachoka pamoto, ndipo mumupatse mphamvu yolamula kuti ubwerere pamafuwa ola lisanathe. A mfumu ndi akuluakulu a mpingo, mayi ameneyo akanena kuti mphika wina wapitirira maola 4 ndipo sugawidwa, mumuikire kumbuyo.